Kwa amake Mayamiko, kuchokera kwa mayi ako aang'ono ku Joni

Lululululu! Chisomo mwana wanga, wachira! Ambuye alemekezeke.

Zithunzizi ndaziona ndili m'minibasi, ndikuchokera kuntchito ku Sandton. Tikufika pa MTN Rank nthungululu inangotuluka yokha, mayi wachizulu amene ndinakhala naye pampando nkundigwira mkono kufunsa chachitika nchiyani. Ndinamuonetsa foni, naye nkuyamba kusekerera ngati mdzukuluyu ndi wake. Kufika kuno ku Turffontein ndinagogoda zitseko za Amalawi onse a pampanda pathu. Moti dziwa kuti Mayamiko wabadwira ku Dublin koma wadziwika kale ku Joni asanathe ndi sabata yomwe.

Kuyambira lero dzina loti Chisomo ndalisiya. Ndinu amake Mayamiko tsopano, ngakhale pakamwa panga pazolowera iwe.

Mwanayu ndamuyang'anitsitsa. Mphuno ndi ya bambo ake, pamenepo sitikangana ndi akuchimuna. Koma chipumi chija, ndi kakhwinya ka pakati pa nsidze akamagona, ndi malume ako a ku Linthipe enieni. Tsitsi lake ndiye lachuluka bwanji! Tizala totalika, tofewa, kachibakera kali pa tsaya. Amuna anga atsopano amenewa, uwauze kuti agogo awo a ku Joni awakonda kale.

Chimene chandiliza ine ndi chithunzi chachitatu. Anthu ena angoona mwana wokulungidwa m'nsalu. Ine ndaona chitenje cha malemu amayi, agogo ako, chobiriwira chija cha nkhanga, chimene anagula pamsika wa Chimbiya. Atatisiya mu 2019 tinagawana nsalu zawo ndi achemwali, mayi ako, ndipo icho chinagwera ine. Ukukumbukira mu 2022 pamene unagona kwathu masiku 2 podikira ndege? Pa OR Tambo ndinachilowetsa m'chikwama chako, iwe nkumati katundu walemera kale, ndikachita nacho chiyani chitenje kudziko la majekete. Ndinangoti tenga. Lero ndi ichi chafunditsa mdzukulutuvi wawo, amene sanamuone ndi maso. Ndakhala pabedi foni ili m'manja mpaka tiyi wanga kuzizira. Zikomo mwana wanga posunga nsaluyo, ndipo zikomo kuti pa zofunda zonse zokongola za kumeneko unasankha imeneyo.

Ndikudziwa zimene zithunzi sizionetsa. Ine ndinachira Tadala konkuno mu Julaye 2009, m'nyengo yozizira ya ku Joni imene madzi a m'ndowa amagwira ayisi m'mawa. Tinali m'kachipinda kamodzi, bambo ake akulondera usiku. Kwathu mayi wa chikuta satunga madzi, sasinja, sayandikira pamoto. Amangodya, kuyamwitsa ndi kugona, amayi ena akumuphikira phala la nsinjiro ndi kumuthowa ndi madzi otentha kufikira mchombo wa mwana utagwa. Ine ndinalibe wondichitira zimenezo. Tsiku lachitatu ndinalira limodzi ndi mwana, osadziwa kuti ayambe kutonthola ndani. Amene anandimva kudzera pakhoma anali mayi wina wa ku Mangochi, Msilamu, yemwe tinkangopatsana moni pampopi. Analowa osafunsa zambiri, anatenga mwana nkumusambitsa, nkundiphikira phala la mpunga. Anabwera m'mawa uliwonse kwa milungu 2. Mpaka lero Tadala amawaitana kuti anganga.

Ndakuuza izi kuti usachite manyazi kulandira thandizo. Azimayi a kutchalitchi kwanu akati tibwere ndi chakudya, nena eya. Mzungu woyandikana naye nyumba akati ndikugulire zinthu kusitolo, nena eya. Namwino amene amayendera amayi ochira kunyumba kumeneko akabwera, usamangoti zonse zili bwino chifukwa cha ulemu wathu wachimalawi uja. Ngati mabere akuwawa, nena. Ngati magazi akuchuluka kapena thupi latentha, usadikire kuche. Ndipo ngati masiku akupita mtima uli wolemera, misozi ikungobwera, tulo osabwera ngakhale mwana wagona, umuuze namwinoyo ndipo undiimbire ine. Zimagwira amayi ambiri, si ulesi, si kusayamika Mulungu, ndipo zimachizika. Nthawi yathu ndi yanu imangosiyana ndi ola limodzi miyezi ino, ndipo ine 4 koloko m'mawa ndimakhala nditadzuka kale.

Za malangizo uzilandira zambiri, aliyense wa m'banja muno ndi mzamba sabata ino. Zanga ndi zochepa. Pamchombo usaikepo kanthu, pazingokhala pouma, udzagwa wokha. Liwombo lisakuopse ukaliona likugunda, ndi mmene ana onse alili. Pogona umugoneke chagada, ndipo usamuunjikire mabulangete mpaka kumaso monga timachitira ife tikaopa mphepo, nyumba za kumeneko nzofunda kale. Bere lokha likwanira miyezi 6, ngakhale wina akuuze kuti mwana wamwamuna sakhuta popanda phala. Masiku a katemera uwalembe pakhoma. Iwenso uzidya, mwana wanga. Mayi woyamwitsa sakhalira buledi ndi tiyi.

Bambo a Mayamiko, ndakuonani m'chithunzi chomaliza mwamunyamula ngati dzira, maso ali ofiira ndi tulo. Mwagwira ntchito. Kumeneko ndinu apongozi, ndinu azakhali, ndinu anamkungwi, zonse zili pa inu. Mutisamalire mwana wathuyo, ndipo matewera ausiku musawaope.

Ndalankhula ndi achemwali madzulo ano. Akuti foni yazungulira mudzi wonse, kuchoka m'manja kupita m'manja, mpaka batire kutha. Amafuna kudziwa ngati mwana mwamumeta, ndawauza kuti adikire kaye atuluke m'chikuta. Mawu awo amanjenjemera. Mdzukulu woyamba, ndiye ali kutsidya kwa nyanja! Uziwaimbira pavidiyo kawirikawiri, ngakhale mwana ali mtulo, angomuona akupuma.

Pempho langa ndi limodzi. Uzimulankhula Chichewa kuyambira panopa. Chingerezi adzachitola yekha kusukulu, sichisowa mphunzitsi kumeneko. Ine ndinalekerera pang'ono, Tadala anakula ndi Chizulu ndi Chingerezi cha m'misewu ya kuno, ndipo titakwera basi pa Park Station kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukatsika ku Dedza, anakakhala pamkeka ndi agogo ake osatha kucheza nawo. Amayi ankangomusisita mutu. Zinandipweteka, ndipo zinatitengera zaka kuti tikonze. Muimbire tinyimbo timene ndinkakuimbira ndikukubereka ku Linthipe mayi ako ali kudimba. Akamalira umuuze kuti tonthola bambo, akamayamwa umutchule mfunda wake.

Loweruka ndipita ku Fordsburg kukagula zitenje zina 2 zoberekera, chifukwa cha agogocho sichoyenera kuchapidwa tsiku ndi tsiku, chasala kale. Azimayi a pachipereganyu chathu asonkhanso kangachepe koonera mwana. Pali mnyamata wa kwathu amene akubwerera kumeneko kumapeto kwa mwezi, wavomera kunyamula.

Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tidzakuimbira tonse, ine, Tadala ndi anganga ake a ku Mangochi, amene akuti sakhulupirira za zithunzi mpaka amve kulira kwake. Ukapeza mpata unditumizire chithunzi cha timapazi, m'zonsezi tabisika m'masokosi. Tsopano siya foni, mwana akagona nawenso ugone.

Ndine mayi ako aang'ono,
Nabanda