Kaonetsedwe ka zithunzi zaukwati pa TV

Anzanga, mukafika kwa apongozi ku Lizulu muchite izi. Tengani waya wa HDMI, mutu umodzi mulowetse mu laputopu, wina kumbuyo kwa TV. Muone nambala ya pabowo pomwe mwalowetsapo. Pa rimoti dinani Source n'kusankha nambala yomweyo, kaya HDMI 1 kaya HDMI 2. Chithunzi chikapanda kubwera, dinani Windows ndi P pamodzi, musankhe Duplicate.

Kenako tsegulani chithunzi choyamba mu Photos, mudine F5, ziyamba kusinthana zokha.

Koma chonde, yambani mwachotsamo chija amalume akuwodzera pa perekaniperekani, angakwiye nanu. Laputopuyo mutchajiretu usiku, ndipo tchaja musayiiwale kuno ku Ntcheu ngati tsiku lija.