Memo: Za laputopu yomwe yabedwa ku Nchalo

Kupita kwa: Akulu a maofesi a Chikwawa, Ngabu, Bangula ndi Nsanje; mkulu wa za chuma; mkulu woona za ogwira ntchito
Kuchokera kwa: Mkulu woona za makompyuta
Tsiku: Lolemba, 13 Okutobala 2025
Chinsinsi: musatumize memo iyi pamagulu a WhatsApp

Mabwana ndi madona,

Lachisanu pa 10 Okutobala, cha m'ma 5 koloko madzulo, laputopu ya ofisala wathu woona za kalembera wa mabanja inabedwa m'galimoto ya bungwe pa Nchalo. Gulu lathu limachokera kogawa ndalama m'dera la T/A Ngabu, ndipo linaima m'mbali mwa msewu wa M1 kuti ligule madzi akumwa. Chifukwa cha kutentha, galasi lakumbuyo linasiyidwa lotsitsa pang'ono, ndipo chikwama chinali pampando. Pobwerera anapeza chikwamacho palibe. Anakanena kupolisi ya Nchalo madzulo omwewo, ine anandiimbira nthawi isanakwane 6 koloko. Mpaka pano laputopuyo sinapezeke.

Laputopu tikhoza kugula ina. Chodetsa nkhawa ndi zomwe zinali m'kati mwake. Munali fayilo ya Excel ya mabanja 2,140 omwe amalandira ndalama za thandizo m'madera a T/A Ngabu, Makhuwira ndi Mbenje: maina, midzi, manambala a chiphaso cha unzika, manambala a foni za Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndalama zomwe banja lililonse limalandira, komanso tsiku la kugawa kotsatira. Pa mabanja 186 mwa amenewa palinso mzere wofotokoza chifukwa chomwe anasankhidwira, ndipo ena analembedwa kuti ali pa mankhwala a ma ARV. Munalinso zithunzi za ziphaso za anthu pafupifupi 300. Zonsezi tili nazo pa seva, choncho ntchito siima. Koma tsopano zilinso m'manja mwa munthu yemwe sitikumudziwa.

Angapo mwa inu mwandifunsa funso limodzi kuyambira Loweruka: "Kodi inalibe pasiwedi?" Inali nayo, yabwino ndithu. Tsoka lake, pasiwedi ya Windows ili ngati loko pachitseko cha nyumba yomwe mphepo inasasula denga. Imatchinga njira imodzi yokha. Munthu atha kumasula laputopu ndi sikurudiraiva, kuchotsa disiki yosungira mafayilo, kuilumikiza ku kompyuta ina, n'kuwerenga zonse popanda kufunsidwa pasiwedi. Athanso kuiyatsa pogwiritsa ntchito fulashi osamasula chilichonse. Mnyamata aliyense wokonza makompyuta pamsika amazidziwa zimenezi.

Chomwe chikanatiteteza ndi enikiripishoni. Ikayatsidwa, zonse zolembedwa pa disiki zimasokonezedwa, moti wochotsa disikiyo amangoona zilembo zopanda tanthauzo ngati alibe kiyi wake. Mu Windows imatchedwa BitLocker. Pa laputopu yobedwayi panalibe. Ndi imodzi mwa malaputopu 9 omwe anagulidwa mwachangu mu Malichi 2023, namondwe Freddy atangowononga, pomwe aliyense ankathamangira kumakampu. Anabwera ndi Windows Home, yomwe ilibe BitLocker yonse, ndipo anapita kumidzi asanadutse ku ofesi yoona za makompyuta. Malaputopu 8 otsalawo akugwirabe ntchito m'maofesi mwanu lero, ali chimodzimodzi.

Sitingafufute mafayilo tili kuno, chifukwa laputopuyo inalibe pulogalamu yotilola kutero. Palibenso chipangizo chomwe chingatiuze ngati wina watsegula fayilo. Mwina wakubayo angofufuta zonse n'kuigulitsa ku Blantyre kapena kuiwolotsa ku Marka, monga akuba ambiri amachitira. Koma sitingakonze zochita podalira mwayi. Tigwire ntchito ngati kuti mndandandawo wawerengedwa kale.

Ngati wawerengedwa, woyamba kupwetekeka si ife. Taganizirani agogo a kwa Mbenje akulandira foni kuchokera kwa munthu yemwe akutchula dzina lawo lonse, mudzi wawo, nambala ya chiphaso ndi ndalama zomwe analandira mwezi watha, kenako n'kunena kuti akuimba kuchokera ku ofesi yathu ndipo akufuna nambala yachinsinsi ya Mpamba kuti "akonze akaunti". Ndani sangakhulupirire? Akambelembele a pafoni amabera anthu ngakhale akudziwa dzina lokha; apa adziwa zonse. Za mabanja 186 aja n'zolemera kuposa pamenepa. Ndalama tikhoza kubweza, koma za matenda a munthu zikamveka m'mudzi sizibwezeka. (Funso lina ndi lakuti mzere umenewu umafuniranji pa mndandanda wogawira ndalama. Ine ndikuona kuti sumafunika n'komwe.)

Lachisanu usiku tinasintha mapasiwedi onse a ofisalayo, a imelo ndi a seva, ndipo tinachotsa laputopuyo pa zipangizo zololedwa kulowa. Kaundula wa seva sakuonetsa kuti wina wayesa kulowa. Nambala ya laputopuyo tapereka kupolisi.

Palinso lamulo. Data Protection Act ya 2024 inapatsa MACRA udindo woteteza zinsinsi za anthu, ndipo imafuna kuti bungwe lidziwitse MACRA pasanathe maola 72 litazindikira kuti zinsinsi zatayika. Kwa ife maolawo akutha lero madzulo. Kalata yakonzedwa, ikudikira siginecha ya mkulu wa bungwe nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Lamulo lomweli limafunanso kuti eni ake auzidwe ngati pali chiopsezo chachikulu, ndipo apa chilipo. Otipatsa ndalama awauza ndi a mkulu wa bungwe eni ake, lero lomwe.

Zomwe ndikupempha kwa inu ndi izi.

Akulu a maofesi a Ngabu, Chikwawa ndi Bangula: lero lomwe, uthenga upite kudzera mwa mafumu ndi makomiti a m'midzi, m'Chichewa, m'Chimang'anja ndi m'Chisena. Ukhale waufupi: mndandanda wa maina wabedwa, bungwe lathu silimafunsa nambala yachinsinsi pafoni, wolandira foni yotere adule n'kukanena kwa ofisala wa m'dera. Mabanja 186 aja asauzidwe pamsonkhano. Ofisala yemwe akuwadziwa akawaone kunyumba, payekhapayekha.

Mkulu wa za chuma: tsiku la kugawa kotsatira lisinthidwe, poti lili mu fayilo ija. Ndikupemphanso chilolezo chogula malaisensi a Windows Pro a malaputopu 8 aja, kuti tithe kuyatsa BitLocker.

Nonse: malaputopu 8 aja afike ku ofesi ya Chikwawa pofika Lachitatu, ngakhale ntchito ichuluke bwanji. Laputopu iliyonse itenga tsiku limodzi basi. Ngati mukufuna kudziwa za yanu, tsegulani This PC n'kuyang'ana disiki ya C:. Ikakhala ndi BitLocker pamaoneka kachithunzi ka loko. Yopanda kalokoko isatuluke mu ofesi, kupatula pobwera nayo kuno ku Chikwawa. Kuyambira lero mindandanda ya mabanja isakopedwe pa fulashi, ndipo kompyuta iliyonse yatsopano iziyamba yafika kwa ife, ngakhale ikhale nthawi ya madzi osefukira.

Pomaliza, za mnzathu yemwe waberedwayu. Ndamva kale manong'onong'o akuti adulidwe malipiro. Za galasi lotsitsa ndi chikwama pampando aziunika ndi a ofesi yoona za ogwira ntchito, si mbali yanga. Koma kusowa kwa enikiripishoni si mlandu wake, anangopatsidwa laputopu ili choncho. Ndipo ananena ola lisanathe, n'chifukwa chake tinatseka maakaunti usiku womwewo ndipo tikadali m'kati mwa maola 72. Tikamulanga mopyola muyeso, wina akadzataya foni kapena fulashi adzakhala chete sabata yonse akuyembekeza kuti ipezeka.

Tikumana Lachinayi pa 16 Okutobala, 9 koloko m'mawa, ku ofesi ya Ngabu, kusanatenthe. Aliyense abwere ndi chiwerengero cha midzi yomwe uthenga wafika, komanso mndandanda wa makompyuta ndi mafulashi onse a mu ofesi yake. Atolankhani akakufunsani, atumizeni kwa mkulu wa bungwe.

Zikomo,
Mkulu woona za makompyuta
Ofesi ya Chikwawa