Vuto la chikwapu pa kayendedwe ka katundu: zokonzekera mayeso

Kwa inu a chaka chachiwiri amene mukulemba pepala la kayendetsedwe ka ntchito za kampani sabata yamawa. Mutu uwu umabwera kawirikawiri, ndipo ambiri mumataya malikisi pa chinthu chimodzi: mumaloweza zifukwa zinayi, koma mukapatsidwa manambala mumasowa pogwira. Choncho tikhalitsa pa chitsanzo, zina tidutsa mofulumira. Tengani pepala ndi cholembera, muziwerengera nokha pamene mukuwerenga.

Vuto la chikwapu, lomwe m'kalasi timalitchula kuti buluwipu, ndi ili: makasitomala akasintha pang'ono kagulidwe kawo, maoda amasintha kwambiri, ndipo kusinthako kumakulirakulira pamene tikuchoka kusitolo kupita kuholoselo, kufakitale, mpaka kwa ogulitsa zipangizo. Wogwira chikwapu amangogwedeza dzanja pang'ono, koma kunsonga kumachita kuuluka. Dzanjalo ndi kasitomala, nsongayo ndi fakitale.

Woyamba kulongosola khalidweli anali Jay Forrester wa ku yunivesite ya MIT ku America, cha m'ma 1958 mpaka 1961, n'chifukwa chake mabuku ena amalitchula ndi dzina lake. Dzina la chikwapu linatchuka m'zaka za m'ma 1990, akuluakulu a kampani ya Procter & Gamble ataona zodabwitsa pa matewera a Pampers. Makanda amagwiritsa ntchito matewera mofanana mwezi ndi mwezi, koma maoda ofika kukampani ankakwera ndi kutsika moopsa, ndipo maoda a kampaniyo kwa ogulitsa zipangizo ankaposa pamenepo. Mu 1997, Hau Lee, V. Padmanabhan ndi Seungjin Whang analemba zifukwa zinayi zimene wolemba mayeso amayembekezera kwa inu.

Chitsanzo

Tili ndi mwini sitolo, mwini holoselo ndi fakitale. Katundu ndi makatoni a sopo. Kwa nthawi yaitali makasitomala akhala akugula makatoni 100 pa sabata. Onse atatu amatsatira lamulo limodzi: sabata ikamatha, m'nyumba yosungiramo katundu mukhale sitoko yokwana masabata awiri, potengera zomwe zagulidwa sabata imeneyo. Ndiye aliyense akuyamba ndi makatoni 200. Kuti masamu asavute, tinene kuti oda imafika sabata yomweyo.

```
oda = zogulidwa + (2 × zogulidwa) − sitoko ya poyamba sabata
```

Sabata yachiwiri makasitomala agula 110, ndipo akhala akugula 110 mpaka kalekale. Kukwera kwa 10 peresenti basi, kamodzi kokha.

Mwini sitolo wagulitsa 110. Tsopano akufuna sitoko ya 220, pomwe anayamba ndi 200. Aoda 110 + 220 − 200 = 130. Palibe cholakwa chimene wachita.

Mwini holoselo sanaone kasitomala ngakhale mmodzi. Chomwe waona ndi oda ya 130, ndipo kwa iye malonda akwera ndi 30 peresenti. Akufuna sitoko ya 260. Aoda 130 + 260 − 200 = 190.

Fakitale nayo yaona 190. Ikufuna sitoko ya 380, ndiye ipanga 190 + 380 − 200 = 370. Taganizani zomwe zikuchitika kumeneko: maovataimu, aganyu, makina osazima usiku wonse, lamya kwa ogulitsa mafuta ndi makatoni. Zonsezi chifukwa cha makatoni 10.

Ambiri mumaimira pano, chonsecho mbali yopweteka ili sabata yachitatu. Makasitomala agulanso 110. Mwini sitolo ali kale ndi 220 yake, aoda 110. Mwini holoselo aona oda yatsika kuchoka pa 130 kufika pa 110; akufuna 220 koma ali ndi 260, ndiye aoda 110 + 220 − 260 = 70. Fakitale iona 70. Ikufuna 140, ili ndi 380. Masamu akupereka 70 + 140 − 380 = −170. Munthu sangapange katundu wochepera ziro, choncho lembani 0, ndipo dziwani kuti yatsala ndi makatoni 310. Sabata yachinayi ipanga 110 + 220 − 310 = 20 okha. Zinthu zikhazikika sabata yachisanu.

```
sabata          1     2     3     4     5
makasitomala  100   110   110   110   110
sitolo        100   130   110   110   110
holoselo      100   190    70   110   110
fakitale      100   370     0    20   110
```

Onani mzere wapamwamba ndi wapansi. Makasitomala sanachepetse kugula ngakhale tsiku limodzi, koma fakitale inazimitsa makina sabata yathunthu. Onaninso sabata yachiwiri: zoonjezera pa 100 ndi 10, 30, 90, 270. Sitepe iliyonse ikuchulukitsa katatu.

Njira yodzichongera m'chipinda cha mayeso: phatikizani mzere uliwonse. Mupeza 540, 560, 580 ndi 600. Kusiyana kwake ndi 20 nthawi zonse, chifukwa aliyense wakweza sitoko kuchoka pa 200 kufika pa 220. Mukapeza zina, mwaphonya penapake, ndipo kawirikawiri pamakhala pa sabata ya ziro ija, pomwe anthu amaiwala kunyamula 310.

Kukula kwa vutoli timakuyeza chonchi:

```
B = Var(maoda) / Var(zogulidwa)
```

B ikaposa 1, chikwapu chilipo. Pa masabata asanuwa variyansi ya makasitomala ndi 16, ya maoda a sitolo ndi 96, ndiye B ya sitolo ndi 6.

Zifukwa zinayi

Choyamba ndi chomwe taona kumene: aliyense amalosera za mawa potengera oda ya amene ali pafupi naye, osati zomwe kasitomala weniweni wagula. Oda ya 130 ija ili ndi zinthu ziwiri mkati, 110 ya malonda ndi 20 yodzazira sitoko kamodzi kokha, koma mwini holoselo alibe njira yozilekanitsira. Nthawi yodikira katundu ikatalika zinthu zimaipiratu, chifukwa sitoko yofunika imakula. Chikhala kuti lamulo linali la sabata imodzi, manambala akanakhala 120, 140 ndi 180. Amene mukufuna malikisi apamwamba, gwirani fomula iyi, pomwe L ndi nthawi yodikira m'masabata ndipo p ndi masabata amene mwatengera avereji polosera:

```
B ≥ 1 + 2L/p + 2L²/p²
```

L akakhala 2 ndipo p ndi 1, B ndi 13. L yemweyo, p ndi 4, B yatsika kufika 2.5. Wolosera ndi sabata imodzi yokha amadzidzimuka ndi chilichonse.

Chachiwiri ndi kuoda mwa chigulu. Kuoda kumadya ndalama ndi nthawi, ndipo lole yodzaza imatchipa kuposa ya theka. Choncho sitolo yogulitsa tsiku ndi tsiku imaoda kamodzi pa mwezi. Wopereka katundu amaona masabata atatu a zii, kenako oda yaikulu. Masitolo ambiri akamaoda kumapeto kwa mwezi onse pamodzi, kapena ogulitsa a kampani akamathamangitsa maoda kuti akwanitse chiwerengero cha kotala, phirilo limatalika.

Chachitatu ndi kusinthasintha kwa mitengo. Fakitale ikatsitsa mtengo kwa masabata awiri, ogula amapikuliratu katundu wa miyezi itatu, kenako n'kungoti duu. Anthu sanayambe kusamba kwambiri ayi. Katundu wangosamuka nyumba yosungiramo. Ichi chimandiseketsa, chifukwa apa kampani imalipira yokha kuti isokoneze fakitale yake.

Chachinayi ndi kuchenjerana katundu akasowa. Fakitale ikamagawa motengera kukula kwa oda, tinene aliyense alandira theka la zomwe waoda, wofuna 100 amaoda 200. Katundu akapezeka, maoda abodzawo amafafanizidwa, fakitale n'kutsala ndi mulu. Hewlett-Packard inakumana nazo pa mapulinta. Cisco nayo mu 2001 inachotsa m'mabuku katundu wa ndalama zoposa madola 2 biliyoni, ndipo maoda obwereza a nthawi ya kusowa anali mbali ya vutolo.

Zinayi zonsezi zimachitika anthu akuganiza bwinobwino, aliyense akuteteza bizinesi yake. Lembani chiganizo chimenecho, chimasonyeza kuti mwamvetsa. Pamwamba pake pali mantha ndi kuiwala. John Sterman anasonyeza mu 1989, kudzera m'masewero a ku MIT ogawa mowa, kuti anthu amaiwala katundu amene anaoda kale yemwe ali m'njira, n'kuodanso. Ndi mfundo yoonjezera. Isalowe m'malo mwa zinayi zija.

Zotsatira zake ndi sitoko yochuluka yomanga ndalama, kusowa kwa katundu nthawi zina, maovataimu osinthana ndi makina ongokhala, ndi mayendedwe odula a mwadzidzidzi. Mizere iwiri ikukwana.

Mankhwala ake

Musalembe mndandanda woyandama. Mankhwala aliwonse alumikizeni ku chifukwa chake.

Pa kulosera, onse aziona zomwe zagulidwa pa kauntala. Bwererani ku chitsanzo chathu: atatu onse akadziwa kuti kasitomala wagula 110, aliyense afuna sitoko ya 220. Sitolo ioda 130, holoselo 130 + 220 − 200 = 150, fakitale 170, ndipo sabata yachitatu onse ali pa 110. Chikwapu sichinatheretu, koma tsopano sitepe iliyonse ikungoonjezera 20 m'malo mochulukitsa katatu: 170 m'malo mwa 370, popanda kuzimitsa makina. Njira ina ndi VMI, pomwe wopereka katundu ndiye amayang'anira sitoko ya wogula n'kumadzaza yekha; Procter & Gamble inachita izi ndi Walmart, ndipo kampani ya Barilla ya ku Italy inachita zofanana ndi ogawa katundu wake. Kufupikitsa nthawi yodikira ndi kuchepetsa masitepe kumathandiza pomwepa.

Pa chigulu, tsitsani mtengo wa kuoda: maoda a pakompyuta, lole imodzi yonyamula katundu wosiyanasiyana, kapena makampani a mayendedwe ophatikiza katundu wa anthu angapo. Pa mitengo, khalani ndi mtengo wotsika wosasinthasintha, womwe pa pepala mudzauona ngati EDLP. Pa kuchenjerana, gawani katundu motengera zomwe munthu anagulitsa m'mbuyomu osati zomwe waoda lero, uzani ogula zoona za kuchuluka kwa zomwe mungapange, ndipo ikani chindapusa pa kufafaniza oda.

Funso likati "kambiranani", onjezani mtengo wa mankhwalawa. Maoda ang'onoang'ono amakweza ndalama za mayendedwe. Mwini sitolo sapereka manambala ake mwaulere, makamaka poti phindu lalikulu la kugawanako limagwera fakitale. Pamafunika mgwirizano wonena kuti iye apeza chiyani. A zamalonda nawo sasiya mapulomoshoni mosavuta, popeza bonasi yawo imachokera komweko.

Ntchito yoti muchite tisanakumane Lachinayi: chitsanzo chomwechi, lamulo lomweli, koma makasitomala atsike kuchoka pa 100 kufika pa 95 n'kukhala pomwepo. Lembani tebulo la masabata asanu. Mukapeza kuti fakitale ikupanga 0 sabata yachiwiri, muli pa njira yoyenera. Pitirizani mpaka mizere yonse ifike pa 95.