Mawu a Msungichuma pa Msonkhano Waukulu wa Kopaletivi: Msonkho wa pa Malonda Athu ndi Zimene Zimabwerera kwa Mamembala

Apampando, akomiti onse, amayi ndi abambo, mamembala anzanga, zikomo pondipatsa mpata uwu.

Chiyambire pamene tinagula makina okonzera zokolola ndi kuyamba kugulitsa kwa ogula akuluakulu, ambiri mwa inu mwakhala mukufunsa chifukwa chake pa mapepala a malonda athu pakuoneka mawu akuti msonkho, ndipo ena mwadandaula kuti mwina ndi njira yatsopano yodulira mlimi ndalama. Funso limeneli ndi loyenera, pakuti thukuta ndi lanu. Misonkho imene ikutikhudza ilipo itatu, ndipo chisokonezo chimabwera tikaiphatikiza ngati chinthu chimodzi.

Woyamba ndi msonkho wa VAT, umene umaikidwa pamwamba pa mtengo wa katundu. Pamene malonda a bungwe akula kupitirira malire amene lamulo linaika, bungwelo limayenera kulembetsa ku ofesi yotolera misonkho, ndipo ife tinalembetsa. Kuti chiwerengero chiphweke, tiyerekeze kuti msonkhowu ndi 10 pa 100 iliyonse. Tikagulitsa katundu wokonzedwa pa mtengo wa 1,000, wogula amatipatsa 1,100. Ndalama 100 zapamwambazo si zathu, ngakhale zalowa mu akaunti yathu: wapereka ndi wogula, ife tangozisunga kuti tikazitule kuboma. Mtengo wa mlimi uli mu 1,000 muja, ndipo sunakhudzidwe. Ndikutsindika mfundoyi chifukwa chiyeso chachikulu cha bungwe ngati lathu ndi kuona ndalama zambiri ku banki ndi kuyamba kuzigwiritsa ntchito, kenako tsiku lopereka likafika ndalamazo palibe, ndipo pamwamba pa ngongoleyo pamabwera chindapusa ndi chiwongoladzanja.

Ubwino wolembetsa ndi wakuti nafenso timalipira VAT tikamagula matumba, magetsi ndi zipangizo zokonzera makina, ndipo lamulo limatilola kuchotsera msonkho umenewo pa zimene tatolera. Ngati tatolera 100 koma tinalipira kale 40 pogula zofunikira pa ntchitoyo, kuboma timapereka 60. Ndalama 40 zija zikanangotayika tikanapanda kulembetsa. Komabe zimabwerera pokhapokha tili ndi lisiti lovomerezeka la msonkho, lolembedwa dzina la kopaletivi, lochokera kwa wogulitsa amene naye analembetsa. Nchifukwa chake ofesi imakana kakalata kolembedwa pamanja pamene wina watumidwa kukagula katundu wa bungwe. Tisaiwalenso kuti si katundu yense amene amaikidwa VAT. Kawirikawiri zokolola zosakonza sizikhudzidwa, ndipo pa malonda amene lamulo lawachotsa mu msonkhowu sitingaitanitse zimene tinalipira pogula zipangizo zake. Choncho timalemba malonda a mitundu iwiriyi m'mabuku osiyana.

Wachiwiri ndi umene ukuwawa kwambiri, chifukwa umaoneka ndi maso: msonkho umene wogula amadula asanatilipire. Kampani ikagula katundu wathu, lamulo limailamula kuti ichotse gawo lina pa malipiro ndi kulitumiza kuboma m'dzina lathu. Tikayerekeza kuti gawolo ndi 5 pa 100, ndiye kuti pa malonda a 1,000 timalandira 950. Wogulayo sanatibere, ndipo 50 ija sinatayike; ndi msonkho umene talipiriratu chaka chisanathe. Wogula amayenera kutipatsa satifiketi yosonyeza ndalama zimene wadula. Pakutha pa chaka, tikawerengetsa msonkho wonse umene kopaletivi ikuyenera kupereka, timachotsapo zonse zolembedwa pa masatifiketi aja, ndipo ngati zodulidwa zaposa msonkho wathu, timapempha kuti zotsalazo zibwezedwe kapena zisungidwe kuti zidzalipire msonkho wa mtsogolo. Kunena zoona, kubweza kumeneku kumatenga nthawi, ndipo pa miyezi yodikirayo ndalama zogulira zokolola zimachepa. Limeneli ndi vuto lenileni. Koma mlimi amene amagulitsa yekha, wopanda nambala ya msonkho ndi mabuku, akadulidwa ndalama zotere amavutika kuti aziitanitse, pamene ife tili ndi njira yozitsatira mpaka zitabwera.

Wachitatu ndi msonkho wa pa phindu. Umenewu suwerengedwa pa malonda onse ayi, koma pa zimene zatsala titachotsa zimene talipira inu alimi, mayendedwe, malipiro a antchito ndi zina zoyendetsera ntchito. Chilichonse chimene tagula popanda umboni sichingachotsedwe, motero phindu limaoneka lalikulu kuposa mmene lilili, ndipo timalipira msonkho pa ndalama zimene tilibe.

Tsopano ndifike pa zimene zimabwerera kwa inu. Choyamba ndi msika. Ogula amene amatenga katundu wambiri nthawi imodzi ndi kusaina mgwirizano wa mtengo safuna kuchita malonda ndi bungwe lopanda nambala ya msonkho, chifukwa nawonso amafunsidwa kumene anagula katundu wawo. Mabanki nawo, asanabwereketse ndalama zomangira nkhokwe kapena zogulira makina, amayamba aona mabuku ounikidwa ndi umboni wakuti tilibe ngongole ya msonkho. Mtengo wabwino umene tikupeza tsopano wadzera pakhomo limeneli.

Chachiwiri ndi bonasi. Msonkho ukalipidwa, ndipo gawo lina likaikidwa m'thumba losungira za mtsogolo monga malamulo athu amanenera, zotsalazo ndi zanu, ndipo msonkhano uno ndi umene umavomereza kagawidwe kake. Timagawa molingana ndi malonda amene membala wachita ndi kopaletivi, mfundo imene inatchuka ndi kopaletivi ya ku Rochdale, ku England, yomwe inayamba mu 1844. Amene anabweretsa matumba 20 adzalandira kanayi kuposa amene anabweretsa matumba 5. Zonse zimene tapulumutsa pa VAT ndi zimene zabwezedwa pa msonkho wodulidwa zimalowa mu ndalama zomwezi. Apa ndilankhule mosabisa kwa amene amagulitsa gawo la zokolola kumbali pofuna ndalama zamsanga. Ndikumvetsa kuti mavuto apakhomo sadikira, koma thumba limene lapita kwina silikhala m'kaundula wathu, bonasi yake palibe, ndipo likutichepetsera katundu amene tinalonjeza wogula.

Palinso zimene msonkho umachita kwa tonse monga nzika: misewu imene magalimoto athu amadutsa, alangizi a zaulimi, kafukufuku wa mbewu, sukulu ndi zipatala. Sindinena kuti zonsezi zimafika mokwanira, ndipo ambiri a inu mukudziwa pamene zikuperewera. Maganizo anga ndi akuti bungwe limene limalipira msonkho wake mokhulupirika limakhala ndi mphamvu yofunsa atsogoleri za msewu wowonongeka, ndipo mphamvu imeneyo tiyenera kuigwiritsa ntchito.

Komiti ikupempha zinthu zochepa. Sungani lisiti lililonse limene mumalandira pa sikelo, ndipo musachoke musanaone kuti kulemera kwa katundu wanu kwalembedwa molondola. Kuyambira nyengo ino, pepala lanu la malipiro lizisonyeza padera mtengo wa zokolola, ndalama zoyendetsera kopaletivi ndi msonkho ngati ulipo, kuti wina asasokoneze zitatuzi. Mabuku, masatifiketi a ogula ndi lipoti la ounika ndalama zili patebulo pano, ndipo membala aliyense ali ndi ufulu woziona lero kapena ku ofesi tsiku lina lililonse la ntchito.

Apampando, ndathokoza, ndipo ndine wokonzeka kuyankha mafunso.