Uthenga kwa Azakhali pa za kubwera kwa Chisomo

Muli bwanji, Azakhali? Ife kuno ku Chilomoni tili bwino, ana akukupatsani moni.

Nkhani ya Chisomo ndaimva, ndipo takambirana ndi bambo a kunyumba kuno. Kukana mwana wanu n'kovuta, koma kuti akhale nafe miyezi 6 yonse ya maphunziro ake a zosoka sitikwanitsa. Nyumba yathu mukuidziwa: chipinda chimodzi ndi balaza. Ana atatu amagona pabalazapo, ndipo Mphatso tsopano ndi mnyamata wa zaka 14. Mtsikana wamkulu ngati Chisomo kugona pamodzi ndi iye, inunso mukudziwa kuti sizoyenera. Komanso alandilodi anatiuza kuti munthu akawonjezereka kupitirira mwezi, lendi ndi ndalama ya madzi zikwera.

Abwere ndithu pa 3 Januwale, akhale nafe masabata awiri. M'masiku amenewo ndiyenda naye kukaona chipinda chomwe mayi wina wa ku mpingo kwathu akuchititsa lendi, pafupi ndi kumene azikaphunzirako. Lendi ya mwezi woyamba ndilipira ine, ndipo Lamlungu lililonse azidzadya nsima kwathu.

Ndikuimbirani Loweruka madzulo kuti timve maganizo anu. Mupereke moni kwa atsibweni.

Ndine mwana wanu,
Nabanda