Ndakatulo ya manja a mayi

Ndakatulo imene mnzathu wa m'kalabu muno anatilakatulira Loweruka sitchula nkhope ya mayi ngakhale kamodzi. Ikungotionetsa manja: zikhatho zokhakhala chifukwa cha mpini wa khasu, zala zophula mphika pamoto popanda chogwirira.

Ndime yachitatu ndiyo yandikhudza kwambiri. Dzanja limene linatsina khutu masana ndi lomwelo likugwira pamphumi usiku, mwana atatentha thupi ndi malungo, ndipo mlakatuli sakuliikira kumbuyo kapena kulidzudzula. Mizere yake ndi yaifupi, yogunda ngati musi mumtondo, n'chifukwa chake ikukoma poilakatula mokweza.

Ndime yomaliza, yotcha mayiyo mngelo, ndikuona kuti yafookerapo, pakuti manja aja anali okwanira. Amene mukutsutsa, tidzakambirane tikakumana mwezi wamawa.