Mawu otsanzikana ndi agogo athu aNachisale

Zikomo amfumu, abusa, amayi a Mvano ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa. Ndaimirira m'malo mwa zidzukulu za agogo aNachisale. Amene tinakulira pakhomo pano tilipo 14, kupatula ana a m'makomo oyandikana nawo omwe ankangotulukira nsima ikamapakulidwa.

Agogo anabadwa mu 1941 konkuno kwa Kachindamoto. Anabereka ana 7, ndipo anayi mwa iwo anawaika m'manda okha, zaka zija matenda a Edzi ankalowa khomo ndi khomo. Maliro aliwonse akatha, achibale ankakhala pansi kukambirana zogawana ana. Agogo ankangomvetsera, kenako n'kunena kuti, "Mwatha? Anawa sakupita kulikonse." Mayi anga atamwalira mu 1998, inenso ndinatsala pano motero. Mawu akuti wamasiye sankatchulidwa pakhomo pano, ndipo mlendo akawatchula ankabwezedwa pomwepo.

Mayina athu okha ndiye ankawasokoneza. Akafuna kuitana Chikondi ankayamba Mavuto, Tadala, Esinati, mpaka dzina la galu, kenako n'kungoti, "Iwe, ukudzidziwa!" Koma wina atapeko chiponde mumphika, dzina lake ankalikumbukira nthawi yomweyo, la bambo ake lomwe. Nkhuku imodzi ankaigawa tonse n'kukwanira, ndipo wodandaula kuti walandira khosi ankauzidwa kuti ndi limene limakometsa mawu a kwaya. Mavuto, mwadya makosi zaka zonsezi, mawu aja tikuwadikirabe.

Titawagulira foni, ankakuwa poyankhula chifukwa akuti ku Joni n'kutali.

Njala ya 2002 sitidzaiwala. Madzulo ankatiphikira phala la madeya, ife n'kumawafunsa kuti, "Nanga inu agogo?" Ankayankha kuti adya kale. Tinkakhulupirira, poti tinali ana. Tinadzazindikira titakula kuti ankagona ndi madzi okha m'mimba, m'mawa n'kulawirira ku ganyu. Iwo anaiona njala ya 1949 ali kamtsikana, ndipo ankati mdzukulu wawo sadzaikidwa m'manda chifukwa cha njala iwo ali moyo. Palibe anaikidwa.

Sukulu sanapiteko, koma makope athu ankawayendera tsiku lililonse, nthawi zina atawagwira chadodolido. Akaona inki yofiira yachuluka, mlandu unalipo. Ndalama ya mayeso inkachokera pa mfundo ya chitenje chawo, ya zitumbuwa ndi mtedza. Lero pakati pathu pali mphunzitsi, namwino, telala ndi alimi odzidalira.

Agogo, munatopa, ndipo Lachiwiri lapitali mwapumula. Chikutiwawa n'chakuti nyumba yamalata tinakumangirani ija mwagonamo dzinja limodzi lokha. Azakhali aEnelesi, munawasamalira pa matenda onsewa usana ndi usiku, Mulungu akudalitseni. Pitani bwino agogo, mukapereke moni kwa amayi athu, ndipo mukawauze kuti tonse tinakula. Zikomo.